Mwana akakutumizirani chithunzi cha samu yolakwa, sakani mzere womwe wapatuka

Makolo, achimwene ndi achemwali ambiri a ana a Fomu 2 kuno ku Ntcheu mumalandira chithunzi cha kope pa WhatsApp, mwana akufunsa kuti, "Ndalakwa pati?" Ambiri mumangosova samuyo mwatsopano n'kumutumizira yankho. Mwana amakopera, koma mawa amalakwanso pomwepo, chifukwa palibe amene wamusonyeza mzere womwe wamusocheretsa.

Musanaweruze, onetsetsani kuti chithunzicho chikuwerengeka. Kachizindikiro ka mainasi kakagwera pa mzere wa pepala kamabisala, makamaka ngati mwana walemba ndi pensulo n'kujambula usiku ndi tochi. Nambala 1 ndi 7 zimafanana, ndipo x wa aljebra amaoneka ngati chizindikiro chochulukitsira. Muuzeni ajambulenso masana, foni ili pamwamba penipeni pa tsamba, ndipo ajambulenso funso lenileni la m'buku. Nthawi zina njira yonse imakhala yolondola, koma funso analikopera molakwika.

Tiyerekeze kuti pa chithunzi pali izi:

```
7 − 2(x − 5) = 3x + 2
7 − 2x − 10 = 3x + 2
−3 − 2x = 3x + 2
−5 = 5x
x = −1
```

Simufunika kudziwiratu yankho lolondola. Tengani yankho la mwanayo, −1, muliike m'malo mwa x kuyambira mzere wa pansi kukwera m'mwamba. Pa mzere wachinayi mbali zonse ziwiri zikupereka −5. Pa wachitatu, kumanzere ndi −3 + 2, yomwe ndi −1, ndipo kumanja ndi −3 + 2, yomwenso ndi −1. Pa wachiwiri, 7 + 2 − 10 ndi −1, zikugwirizanabe. Koma pa mzere woyamba, x − 5 ikukhala −6, kuchulukitsa ndi −2 kukupereka 12, ndiye kumanzere kuli 19 pomwe kumanja kuli −1. Pamenepo ndi pomwe zasiyana. Cholakwa chachitika pochoka pa mzere woyamba kupita pa wachiwiri, potsegula mabulaketi. Mizere ina yonseyo mwana waiyenda bwino, wangonyamula cholakwa chimodzicho mpaka pansi, ndipo ndi bwino kumuuza zimenezo kuti asayambe kukayikira zomwe akuzidziwa kale.

Lamulo lake ndi ili: nambala yomwe ili kunja kwa mabulaketi imachulukitsa chilichonse cha m'kati, pamodzi ndi chizindikiro chake. Kunjako kuli −2, osati 2 yekha. Ndiye −2 kuchulukitsa x ndi −2x, ndipo −2 kuchulukitsa −5 ndi +10. Mwana uja anachulukitsa 2 ndi 5 n'kungokopera mainasi yemwe anamuona m'mabulaketi.

Ine sindikhutira mwana akangoloweza kuti mainasi awiri amabala pulasi, chifukwa woloweza chotere amadzalembanso kuti −3 − 5 ndi +8. Mufotokozereni ndi za kumsika. Tinene kuti wapita pa Lizulu ndi K10,000, ndowa ya mbatata akugulitsa K6,000, koma amayi ogulitsa amuchotserako K2,000. Walipira K4,000, watsala ndi K6,000. Polemba, 10 − (6 − 2) ndi chimodzimodzi 10 − 6 + 2. Ndalama yomwe amuchotsera pa mtengo yabwerera m'thumba mwake, n'chifukwa chake yasanduka yowonjezera. Akagula ndowa ziwiri, iliyonse atamuchotsera 5, m'thumba mubwerera 10. Ndiye +10 wa m'samu yathu uja.

Mukatero musamumalizire. Jambulani kamzere kozungulira −10 pa chithunzicho, mumubwezere ndi funso lakuti, "Kodi −2 kuchulukitsa −5 ndi zingati?" Akakonza yekha apeza 17 − 2x = 3x + 2, kenako 15 = 5x, ndiye x = 3. Aikenso 3 m'funso loyamba, aone kuti mbali zonse zikupereka 11.

Njira yokwera kuchokera pansiyi ili ndi malire. Ngati mwana walakwa kawiri, imakuonetsani cholakwa chomaliza chokha. Mukachikonza, pezani yankho latsopano, muyesenso nalo mizere ya pamwamba. Ndipo ngati wadumpha mizere, n'kuchita zinthu zitatu m'mutu nthawi imodzi, muona kuti zasiyana koma simudziwa chomwe chasiyanitsa. Pamenepo m'pempheni alembenso, chinthu chimodzi pa mzere umodzi. Chizolowezi chimenechi chidzamuthandizanso pa mayeso a JCE, pomwe olemba malikisi amayang'ana njira osati yankho lokha. Akamaliza, m'patseni ina yofanana nayo, monga 9 − 3(x − 4) = x + 1, muone ngati afika pa 5.