Lekani kudalira tsiku la 14, dzira silitsatira kalendala

Chiyambire mvula, kusikelo ya ana kuno ku Zomba ndikukumana ndi amayi oyembekezera amene sanafune mimba panopa, ena mwana ali kumsana asanayambe n'kuyenda komwe. Ndikafunsa kuti chinachitika n'chiyani, yankho likumakhala limodzimodzi: "Alangizi, ifetu timawerenga masiku." Ndikati andionetse mmene amawerengera, ndimapeza kuti onse agwira zoti dzira limatuluka pa tsiku la 14 chiyambire msambo. Wina anauzidwa ndi mnzake kuchitsime, wina anaona pa kalendala ya pafoni. Amapewa masiku oyandikira tsiku limenelo, akadutsa amati zatha. Cholakwika chimenechi chikundidetsa nkhawa, chifukwa kuwerengera kotere kumayandikira zoona kwa mayi yekhayo amene msambo wake umabwera masiku 28 alionse osaphonya.

Kuwerenga kumayamba tsiku loyamba kuona magazi, zimenezo mukuzidziwa kale. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwezi wa mayi uli ndi zigawo ziwiri, ndipo sizichita zofanana. M'chigawo choyamba, ubongo umatumiza homoni ya FSH kuti kathumba kokhala ndi dzira kayambe kukula. Kathumbako kakamakula kamatulutsa esitirojeni, amene amakonza khoma la mkati mwa chiberekero. Esitirojeniyo akachuluka mokwanira, ubongo umatulutsa homoni ina ya LH yambiri nthawi imodzi, ndipo pakangotha tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka dzira limatuluka. Apo chigawo chachiwiri chayamba. Kathumba kaja kamayamba kupanga pulojesiteroni wogwira khoma la chiberekero kuti lisagwe. Ngati mimba sinakhale, kathumbako kamafota pakatha pafupifupi masiku 14, pulojesiteroni amatsika, khoma limagumuka, ndiye magazi amene timaona aja.

Gwirani apa. Chigawo chachiwiri sichisinthasintha kwenikweni, chimakhala pafupifupi masabata awiri. Chimene chimatalika kapena kufupika ndi choyamba. Choncho dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanabwere, osati masiku 14 chiyambire msambo wapitawu. Msambo ukachedwa, nthawi zambiri ndi dzira limene linachedwa kutuluka. Vuto lake ndi loti tsiku la msambo wotsatiralo simulidziwa mpaka litafika, ndiye mayi wa msambo wosinthasintha amadziwa tsiku la dzira litapita kale.

Chigawo choyambachi chimasuntha chifukwa ubongo umamvera mmene thupi lilili. Taganizani nyengo ino ya Januwale ndi Febuluwale. M'nkhokwe mwatha, ena akudya kamodzi patsiku, kupalira ndi ganyu zakula, malungo ali ponseponse, nkhawa ya fetereza ndi fizi ya ana sikugonetsa tulo. Kuonda, kudwala, ntchito yoposa mphamvu ndi nkhawa, chilichonse mwa izi chingachititse ubongo kuchedwetsa mahomoni aja, dzira n'kutuluka mochedwa ndi sabata kapena kuposerapo. Woyamwitsa naye ali ndi homoni yopanga mkaka imene imaletsa dzira, ndipo mwana akayamba phala chiletsocho chimafooka mosapereka chizindikiro. Dzira likhoza kutuluka mayi asanaone msambo ngakhale kamodzi chiberekere. Atsikana amene angotha msinkhu, amayi opitirira zaka 40 ndi amene angosiya jakisoni wolera, onsewa masiku awo sakhazikika.

Mayi wina wolima mpunga cha kunyanja ya Chilwa anabwera ndi kope la mwana wake, kumapeto kwake atalemba masiku ake onse bwinobwino. Ndinamuyamikira, chifukwa ambiri salemba n'komwe. Miyezi yake inali ya masiku 27, 36, 29 ndi 38. Iye ankagwiritsa ntchito mkanda wowerengera masiku uja, wosuntha mphira pa mkanda umodzi tsiku lililonse, kupewa pa mikanda yoyera, kuyambira tsiku la 8 mpaka la 19. Anandiuza kuti, "Alangizi, mphira ija ndimasuntha m'mawa uliwonse, ndipo abambo akunyumba amamvera. Nanga mimbayi yachokera kuti?" Tinakhala pansi n'kuchotsa 14 pa mwezi uliwonse. Wa masiku 27 dzira linatuluka cha pa tsiku la 13, wa 29 cha pa 15, ndipo onsewa ali mkati mwa mikanda yoyera. Koma wa 36 linatuluka cha pa 22, wa 38 cha pa 24. Tsopano onjezani izi: mbewu ya abambo imatha kukhala yamoyo m'thupi mwa mayi mpaka masiku 5, pamene dzira limakhala maola 12 mpaka 24 okha. Ngati dzira likutuluka pa 24, kugonana kwa tsiku la 20 kapena 21, pamene iye ankati mikanda yoyera yatha, n'kumene kungapereke mimba. Mayiyu sanaphonye kusuntha mphira. Njirayo siinali ya thupi lake.

Mkanda umenewu unapangidwira amayi a masiku 26 mpaka 32 basi. Ngati m'chaka chimodzi msambo watuluka kawiri kunja kwa malire amenewa, usiyeni. Koma anthu akubwerekana mkanda ngati chipande, wolandirayo osafunsidwa n'komwe kuti masiku ake amayenda bwanji. Zimandipweteka, chifukwa mtengo wake ndi waukulu. Mwana wakumsana amachotsedwa kubere msanga pakati pa njala, mayi magazi asanabwerere m'thupi wasenzanso mimba, munda watsala theka. Ndipo abambo ena akaona mimba pamene "masiku anawerengedwa", amayamba kukayikira mkazi wawo. Abambo, masamu ndi awo ndalemba pamwambapa, mkazi wanu sanayende kwina. Mbali inayi kulinso mabanja amene akufuna mwana. Amalimbikira pa tsiku la 14, kenako bambo n'kubwerera kunyanja kapena kutauni, dzira likutuluka pa 23 iye kulibe. Chaka chikatha achibale ayamba kunena mayi kuti ndi wosabereka, ndalama n'kuthera kwa asing'anga.

Tsono chochita. Lembani tsiku loyamba la msambo kwa miyezi 6. Pa mwezi waufupi kwambiri chotsani 18, pa wautali kwambiri chotsani 11, ndipo mupeza tsiku loyamba ndi lomaliza lopewa. Kwa mayi wa mpunga uja zikupereka tsiku la 9 mpaka la 27, masiku 19 opewa, ndipo ndi mabanja ochepa angakwanitse. Chizindikiro chabwino kuposa kalendala ndi chikazi: chikayamba kuoneka, makamaka choyera ngati madzi, choterera ndi chonanduka ngati therere, dzira layandikira, kaya ndi tsiku la 11 kaya la 25. Wofuna mwana asadikire tsiku limodzi, azigonana pakapita masiku awiri kapena atatu mwezi wonse. Wosafuna mimba amene masiku ake amasinthasintha abwere kuchipatala asankhe jakisoni, mapiritsi, lupu, choika pamkono kapena makondomu. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Mukagonana mosadziteteza pa tsiku lokayikitsa, mapiritsi apangozi amamwedwa pasanathe masiku 5, ndipo kufulumira ndiye bwino. Msambo wobwera pasanathe masiku 21, wopitirira 35 kawirikawiri, kapena wosowa miyezi 3 mimba palibe, pitani akakuyezeni, chifukwa nthawi zina ndi vuto la chithokomiro kapena la m'thumba la mazira. Kope lolembamo masiku anu munyamule.