Kulemba nambala ya foni kuti uthenga wotsimikizira ufike

"Ndili ku Luchenza. Ndikulembetsa WhatsApp pa nambala yanga ya Airtel koma uthenga wa manambala 6 aja sukufika. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, kawirikawiri vuto limakhala ziro wa kumayambiriro uja. Ziroyo ndi woimbirana m'dziko muno mokha, ndiye mukayamba ndi +265 mumuchotse. Nambala ya Airtel yoyamba ndi 099 imakhala +265 99, ya TNM ya 088 imakhala +265 88. Werengani manambala otsatira 265: akhale 9 ndendende. Akakwana 10, ziro simunamuchotse.

Poyamba sankhani Malawi pa mndandanda wa mayiko. Onetsetsani bwino, chifukwa Mozambique ndi +258, Zambia +260. Mukasankha, +265 amabwera yekha, choncho musamulembenso m'bokosi lolembamo nambala. Lembani manambala 9 okha aja.

Ngati zonse zili bwino koma uthenga kulibe, onani dzina la netiweki pamwamba pa foni. Kufupi ndi malire, monga ku Muloza, foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique, uthenga n'kuchedwa kapena osafika. Sankhani nokha Airtel m'foniyo. Musapemphe uthenga mobwerezabwereza, chifukwa adzakudikiritsani nthawi yaitali. Dikirani nthawi yomwe ikuwerengedwayo ithe, kenaka sankhani zoti akuimbireni, mudzamva manambalawo pakamwa.