Wapampando asanasaine maminitsi

Tsamba limene wapampando amasainapo kumapeto kwa maminitsi lili ndi ntchito imodzi: kuchitira umboni kuti zolembedwazo ndizo zinachitikadi pamsonkhano. Kusainako sikutanthauza kuti wapampando akugwirizana ndi mfundo zomwe zinamangidwa. Ngakhale atagonja pa voti, asaine ndithu ngati mlembi analemba zoona.

Tiyerekeze kuti komiti ya kopaletivi inakumana pa 5 Malichi n'kudzakumananso pa 2 Epulo. Maminitsi a mu Malichi awerengedwe pa 2 Epulo, zolakwika zikonzedwe, membala mmodzi apemphe kuti avomerezedwe, wina atsirepo ndemanga yovomereza. Apa ndi pamene wapampando agwire cholembera. Mawu ake akhale otere: "Ndikutsimikiza kuti maminitsi awa, a masamba anayi, ndi zoona za msonkhano wa komiti womwe unachitika pa 5 Malichi, ndipo avomerezedwa pa msonkhano wa pa 2 Epulo." Chaka chilembedwe pa madeti onse awiri. M'munsi mwake mukhale dzina lonse m'zilembo zikuluzikulu, udindo, siginecha ndi deti. Mlembi akhale ndi mizere yakeyake ngati malamulo a gulu lanu akufuna kuti nayenso asaine.

Pa deti ndi pamene ambiri amaphonya. Pambali pa siginecha pamalembedwa tsiku losainira, 2 Epulo, ndipo alembe yekha wosainayo ndi dzanja. Mlembi akatayipiratu 5 Malichi pamenepo, pepala limaoneka ngati linavomerezedwa lisanawerengedwe, ndipo membala amene wakwiya ndi mfundo ina amapeza pogwira. Nanga wapampando akajomba pa 2 Epulo? Kawirikawiri amasaina amene watsogolera msonkhano wa tsikulo, n'kulemba udindo wake weniweni, osati kusaina m'dzina la mnzake. Onani zomwe malamulo anu akunena.

Tsamba la siginecha likakhala palokha n'losavuta kulichotsa n'kulimata ku maminitsi ena. N'chifukwa chake timatchula kuchuluka kwa masamba, tsamba lililonse n'kulipatsa nambala, monga 3 mwa 4, ndipo wapampando amalemba zilembo zoyamba za dzina lake pansi pa tsamba lililonse. Ndi bwinonso kuti mizere yomaliza ya maminitsi igwere pa tsamba lomwelo. M'buku lolemba pamanja, dulani mzere pa malo otsala opanda kanthu kuti wina asadzaonjezepo mawu.

Pokonza cholakwika musafute ndi tipekisi. Dulani ndi mzere umodzi kuti zakale zizioneka, lembani zolondola pamwamba, wapampando aike zilembo zake pambali. Akasaina, zatha: cholakwika chopezeka pambuyo pake chilembedwe m'maminitsi a msonkhano wotsatira.

Wapampando wosatha kulemba adinde chala, ndipo mboni yomwe yamva maminitsi akuwerengedwa mokweza isaine pambali pake. Banki ikafuna umboni wosinthira osainira ku akaunti msonkhano wina usanafike, koperani mfundo yokhayo papepala lapadera, wapampando ndi mlembi asaine ndi deti la tsikulo, koma tsamba lotsimikizira maminitsi onse lidikire.