Kafukufuku wa m'kalasi: musankhe ana ati, ndipo muwafunse bwanji?

Aphunzitsi anzanga, tiyerekeze kuti muli ndi kalasi ya Sitandade 3 ya ana 96, atsikana 52 ndi anyamata 44. Mwaona kuti ambiri akulephera samu zochotsera mobwereka, ndipo mukufuna kudziwa pamene pakuwavuta musanayese njira ina yophunzitsira. Kukhala pansi ndi mwana aliyense simungathe, teremu ingathe musanamalize. Muyenera kutapapo kagulu koti kayimire kalasi yonse, kamene kukoleji amati sampulo.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Dzanja la mphunzitsi limathamangira ana okhala kutsogolo, okweza mikono, amene mayina awo amawadziwa. Amenewo si kalasi yanu. Kalasi yanu ndi kamtsikana kaja kokhala kukhoma, kamene simunamvepo mawu ake chitsegulire sukulu. Choncho musasankhe ndi maso, kaundula ndiye asankhe.

Lembani atsikana paokha, anyamata paokha, aliyense ndi nambala yake. Mwa ana anayi aliwonse mutengapo mmodzi, ndiye mupeza atsikana 13 ndi anyamata 11, onse pamodzi 24. Poyambira pachitike mayere: lembani 1, 2, 3 ndi 4 pa timapepala, mupinde, mwana wina atole kamodzi. Akatola 3, mutenga wa nambala 3, wa 7, wa 11, wa 15, mpaka mndandanda utatha. Koma yang'anani kaye mmene mayinawo anasanjidwira. Ngati akutsata magulu a ana anayianayi ndipo woyamba pagulu ndi mtsogoleri, mayere akagwera pa 1 mudzatola atsogoleri okhaokha.

Nanga wosankhidwa akajomba? Musafulumire kuyikapo wina. Mwana wojombajomba nthawi zambiri ndi yemweyo amene samu zikumuvuta, ndipo mukamusiya zotsatira zidzaoneka zokoma kuposa mmene zinthu zilili. Mudikireni masiku awiri kapena atatu, akapanda kubwera tengani dzina lotsatira, ndipo mulembe kuti mwatero. Tsiku la msika ndi la mvula yamphamvu si masiku otolera chilichonse.

Chida chotolera chimachokera pa funso lanu. Pepala la mafunso oti ana adziyankhire okha limaoneka lapamwamba mu lipoti, koma kwa mwana wa Sitandade 3 limayesa kuwerenga, osati samu. Ndipo mukafunsa kuti "Kodi samu umazikonda?" adzati inde, poti wafunsa ndi aphunzitsi. Ine ndingakonde mutenge zida ziwiri zokha, mayeso aafupi ndi kucheza ndi mwana.

Mayesowo akhale a samu khumi, zinayi zosafuna kubwereka ndi zisanu ndi imodzi zobwereka. Zosabwerekazo musaziyese zongodzazira pepala. Mwana akalephera 58 − 23, vuto lake si kubwereka, lili pansi kuposa apo. Pochonga musangowerenga zokhoza, koperaninso yankho lolakwika lenilenilo. Pa 52 − 27 yankho ndi 25, koma mudzapeza ana olemba 35. Amenewa sanalote ayi: aona kuti 7 sangachoke pa 2, ndiye atembenuza, achotsa 2 pa 7. Wina angalembenso 35 yemweyo atabwereka bwinobwino, n'kupeza 5 kumanja, koma osachepetsa 5 wa kumanzere uja kuti akhale 4. Yankho limodzi, matenda awiri, ndipo pepala silingakuuzeni kuti uyu wadwala ati.

N'chifukwa chake pakufunika kucheza. Mwa ana 24 aja sankhani asanu ndi mmodzi, tsopano mwadala: awiri okhoza, awiri apakatikati, awiri olephera. Mupatseni mwana samu imodzi ndi timitengo, munene kuti, "Tandionetsa mmene unachitira." Mphindi zisanu zakwana. Musamukonze ali pakati, ngakhale pakamwa pakuyabweni, ndipo lembani mawu ake mmene wawanenera.

Musanagwiritse ntchito mayesowo, ayeseni pa ana atatu kapena anayi a kalasi ina ya Sitandade 3. Onse akakhoza zonse, kapena onse akalephera zonse, mayesowo sakusiyanitsa kanthu, akonzeni. Ahedi adziwe za kafukufukuyu, makolo auzidwe, ndipo pamapepala palembedwe manambala m'malo mwa mayina.

Mukaphunzitsa njira yatsopano kwa milungu itatu, yesaninso ana omwewo ndi samu zofanana kulimba koma za manambala ena. Powerenga zotsatira kumbukirani kuti pa ana 24, mwana mmodzi ndi pafupifupi anayi pa 100 alionse. Okhoza akachoka pa 10 kufika pa 12, ndi ana awiri okha, mwina tsikulo anangobwera atadya. Akachoka pa 10 kufika pa 18, ndipo ma 35 aja achepa, pamenepo muli ndi cholemba, koma chokhudza kalasi yanu yokha, osati sukulu zonse za m'zoni.