Momwe mungachitire ngati kamera kapena maikolofoni ikukana pa msonkhano wa pa intaneti

Kuno ku Salima, anzathu akati sakutiona kapena sakutimva pa Google Meet, timathamangira kunamizira netiweki, ena mpaka kukagula bandulo ina. Koma ngati inu mukuwaona ndi kuwamva bwinobwino, nthawi zambiri netiweki ilibe mlandu. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti bulawuza, monga Chrome, yakanizidwa chilolezo, kapena pulogalamu ina yagwira kale kamerayo.

Musanadine chilichonse, yang'anani kanyali kamene kali pafupi ndi kamera pamwamba pa laputopu. Ngati nkozima, yambani ndi chilolezo. Mphunzitsi wina wa ku Chipoka, polowa pa mayeso a ntchito ochokera ku Lilongwe, anafunsidwa ndi Chrome ngati tsambalo ligwiritse ntchito kamera, ndipo chifukwa cha phuma anakana. Bulawuza imasunga yankho limeneli, moti ngakhale anatuluka ndi kulowanso katatu, funso lija silinabwerenso.

Kukonza kwake nkosavuta. Dinani kachizindikiro kamene kali kumanzere kwa adiresi ya tsamba, sankhani Site settings, kenako pa Camera ndi pa Microphone musinthe Block kukhala Allow. Mukatero, bwererani ku msonkhano ndi kudina F5 kuti tsamba litsegukenso, pakuti apa mpamene ambiri amaiwala nkumaganiza kuti njirayi yalephera. Masamba onse amene munawakaniza kamera mungawaone polemba izi pamalo a adiresi:

```
chrome://settings/content/camera
```

Zikakanikabe, ndiye kuti loko ali pa Windows yeniyeniyo. Pa Windows 11 pitani ku Settings, Privacy & security, Camera, ndipo muonetsetse kuti Camera access komanso Let desktop apps access your camera nzoyatsa. Muchitenso chimodzimodzi pa Microphone.

Tsono kanyali kaja kakakhala koyaka pamene inu mukungoona mdima, dziwani kuti kamera ili m'manja mwa pulogalamu ina, ndipo pa makompyuta ambiri siitumikira mabwana awiri nthawi imodzi. Nthawi zambiri amakhala Zoom kapena Teams, amene mukawatseka ndi X angathe kutsala akugwirabe ntchito mobisala pafupi ndi wotchi. Dinani Ctrl+Shift+Esc, pezani pulogalamuyo mu Task Manager, sankhani End task, kenako mutsegulenso tsamba la msonkhano. Mukafuna umboni, tsegulani pulogalamu ya Camera ya Windows: ikaonetsa 0xA00F4243, kamera yagwidwadi kwina. Mukatha kuyesako muitsekenso, chifukwa nayonso imagwira kamera.

Pa foni ya Android, chilolezo cha Chrome chimapezeka ku Settings, Apps, Chrome, Permissions. Ndipo ngati wina wakuimbirani foni msonkhano uli mkati, maikolofoni imapita kwa amene wakuimbiraniyo, choncho mukadula mungafunike kutuluka ndi kulowanso kuti akumveni.