Momwe mungatsimikizire lamulo la pawa pogwiritsa ntchito bayinomiyo

Ana a matiriki amene ndimawaphunzitsa masamu Loweruka ku Rosettenville onse amaloweza kuti derivetivi ya xⁿ ndi nxⁿ⁻¹. Koma mukawafunsa kumene n wa patsogoloyo wachokera, amangoti kukamwa yasa. Njira yake nayi, pamene n ndi nambala yathunthu yoyambira pa 1.

Choyamba, lembani tanthauzo la derivetivi ya f(x) = xⁿ:

```
f'(x) = lim(h→0) [(x+h)ⁿ − xⁿ] / h
```

Musafulumire kuika 0 m'malo mwa h. Mukatero mupeza 0/0, ndipo ulendo wathera pomwepo.

Chachiwiri, tambasulani (x+h)ⁿ. Tiyeni tiyambe ndi n = 3:

```
(x+h)³ = x³ + 3x²h + 3xh² + h³
```

Ambiri amagwera pano polemba x³ + h³ basi. Yesani x = 1 ndi h = 1: mbali ina ikupereka 8, inayo 2. Zalakwika.

Tsono 3 wa mu 3x²h wachokera kuti? Pali mabulaketi atatu, (x+h)(x+h)(x+h), ndipo pochulukitsa mumatola chilembo chimodzi m'bulaketi iliyonse. Kuti mupeze x²h, muyenera kutola h m'bulaketi imodzi yokha, ndi x m'mawiri otsalawo. Bulaketi yopereka h ikhoza kukhala yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu, ndiye njira zilipo zitatu. Mabulaketi akakhala n, njira zimakhalanso n. Kwa ine, mtima wa nkhani yonse ndi umenewu:

```
(x+h)ⁿ = xⁿ + nxⁿ⁻¹h + C(n,2)xⁿ⁻²h² + … + hⁿ
```

Manambala a zigawo zotsatirazo, monga C(n,2), asakuvuteni mutu. Chofunika n'chakuti chigawo chilichonse chobwera pambuyo pa nxⁿ⁻¹h chanyamula h² kapena pawa yoposa pamenepo.

Chachitatu, chotsani xⁿ, kenako gawani zotsalazo ndi h. Kugawaku n'kololedwa, chifukwa h akungoyandikira 0 koma sanafikepo.

```
nxⁿ⁻¹ + C(n,2)xⁿ⁻²h + … + hⁿ⁻¹
```

Onani kuti chigawo choyamba chokha ndi chimene chamasuka kwa h. Zinazo zikadali naye, choncho h akamatsikira ku 0, nazonso zimatsikira ku 0. Chotsala ndi nxⁿ⁻¹. Pa n = 3, 3x² + 3xh + h² imasanduka 3x².

Yesani pa kakyuleta ndi x = 2, h = 0.01. Mupeza 2.01³ = 8.120601. Chotsani 8, mugawe ndi 0.01, yankho ndi 12.0601. Lamulo likuti 3 × 2² = 12. Kotsalako, 0.0601, ndi 3xh + h² yemwe uja, ndipo mukachepetsa h nakonso kachepa.

Mtsikana wina anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, nanga √x?” Lamulo limagwirabe pamene x ndi woposa 0, koma umboni uwu sufikako. Bulaketi theka simungaiwerenge, ndipo kutambasula (x+h) wa pawa ½ kumatulutsa zigawo zosatha. Kuno tatenga limiti ya chigawo chilichonse pachokha chifukwa zigawozo n'zowerengeka. Pa √x, chulukitsani pamwamba ndi pansi pa [√(x+h) − √x] / h ndi √(x+h) + √x, ndipo mufika pa 1/(2√x).