Malangizo a choumitsira ndiwo cha dzuwa: kufutsa nkhwani ndi khwanya

Pano ndikufotokoza zimene malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka choumitsira ndiwo cha dzuwa akunena, ndi kuwonjezerapo zimene ndikudziwa ine. Choumitsirachi ndi bokosi lokhala ndi pulasitiki yoonekera pamwamba, mathireyi a sefa m'kati, ndi mipata iwiri ya mpweya, wina m'munsi wina pamwamba. Dzuwa limatenthetsa mpweya wa m'katimo, ndipo mpweyawo ukamakwera umatuluka ndi chinyezi cha m'masamba. Chiikeni pamalo pamene dzuwa limafika tsiku lonse, kutali ndi khola ndi dzala. Mipata yonse iwiri ikhale yotsekula nthawi ya masana. Ambiri amatseka wa pamwamba poopa fumbi, koma akatero masamba amangofunda ndi nthunzi yawo yomwe, osauma.

Thyolani masamba anthete m'mawa, mame atauma, ndipo muwakonze tsiku lomwelo. Nkhwani, umene inu a ku Chipata ndi Katete mumautchulanso chibwabwa, muusadzule monga mwa nthawi zonse. Chotsani odyedwa ndi mbozi ndi achikasu. Tsukani musanadule.

Pamene malangizo akunenetsa kwambiri ndi pa kuviika masamba m'madzi owira. Pano tisamalitse, chifukwa kufutsa kumene tinazolowera kumudzi ndi kuphika mpaka ndiwo zitafewa, pomwe chofunika apa ndi mphindi 2 kapena 3 zokha. Kutenthako kumaimitsa maenzaimu, zinthu za m'tsamba momwemo zimene zimapitiriza kuliwononga ngakhale litathyoledwa. Tsamba losaviikidwa limasuluka mtundu ndi kukoma likakhalitsa. Lophikitsa limasiya mavitamini ake m'madzi amene mutaye aja, ndipo pathireyi limamatirirana. Musathiremo soda kapena chidulo, ngakhale zimaoneka ngati zikusunga kubiriwira, chifukwa zimawononga mavitamini.

Tiyerekeze kuti muli ndi makilogalamu 5 a khwanya wosankha kale. Wiritsani malita 10 a madzi mumphika waukulu, ndipo muziviika theka la kilogalamu pa nthawi imodzi, litaikidwa m'kansalu koyera kapena m'sefa. Mphindi ziwerengedwe kuyambira pamene madzi ayambiranso kubwata, osati pamene mwaponyamo masamba. Mukaponya onse pamodzi madzi amazizira, ndiye masamba amakhalitsa m'madzi ofunda, ena kupsa ena kutsala aawisi. Mukavuula, aviikeni m'madzi ozizira aukhondo kuti asapitirize kupsa, kenako adonthe bwinobwino. Yalani pathireyi mopyapyala, moti sefa izioneka apa ndi apo. Akauma, makilogalamu 5 aja amatsala pafupifupi theka la kilogalamu kapena kuposerapo pang'ono. Musadabwe nazo, tsamba laliwisi ndi madzi okhaokha.

Kutentha kwa m'bokosi kusapitirire madigiri 60. Ngati mulibe choyezera, yang'anani masambawo: akayamba kufiira m'mphepete pamene pakati pakadali pofewa, moto wakula. Phimbani mbali ina ya pulasitiki ndi nsalu yakuda kapena chiguduli. Ine ndimakonda kuphimba pamwamba pa mathireyi nthawi zonse, popeza kuwala kwa dzuwa kukamenya tsamba mwachindunji kumalisulukitsa ndi kuchepetsa vitamini A. Tembenuzani kawiri kapena katatu pa tsiku. Dzuwa likakhala labwino, tsiku limodzi kapena awiri akwana.

Pali nkhani ina imene malangizowa sakuikhudza, ya nyengo. Ndiwo zimenezi zimachuluka m'dzinja, mu Febuluwale ndi Malichi, pamenenso mpweya uli ndi chinyezi chambiri. Masamba oviikidwa akakhala osauma masiku atatu amachita chuku kapena kununkha chowawasa, ndipo otero ndi otaya basi. Choncho musawiritse madzi musanaone kumwamba. Kuno ku Blantyre timavutikanso ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ya m'miyezi yozizira, yomwe imatha kukhala masiku angapo. Kwanuko mwina simuiona kwenikweni, koma mame a usiku alipo. Madzulo lowetsani mathireyi m'nyumba.

Mfutso wouma umathetheka mukaufinya m'manja. Ukapindika osathyoka, ubwezeni. Ukauma, udikireni uzizire, muuike m'botolo louma lotseka bwino, ndipo kwa sabata imodzi muzilisuzumira tsiku ndi tsiku. Mukaona timadontho m'kati mwa galasi, chinyezi chikadalimo, uumitseninso tsiku lina. Chikwatu cha masamba a msuku chopachika m'khitchini chimasunga ndithu, koma mbewa ndi tizilombo zimachiboola, ndiye botolo kapena chidebe chotseka, choikidwa pamdima, n'chodalirika. Lembanipo mwezi umene munafutsa, ndipo muyambe kudya wakale. Wouma bwino wa mu Epulo umakufikitsani mu Okutobala ndi Novembala, pamene madimba auma. Pophika, unyikeni kaye m'madzi pang'ono mphindi 20 kapena 30, muuphike m'madzi omwewo, nsinjiro zibwere ukafewa.